Kupempha mphindi zisanu kwa munthu wotanganidwa

Katundu wodula sagulidwa chifukwa cha uthenga wa pa foni. Amene akugulitsa zipangizo za sola, inshuwalansi, makina a chigayo kapena mankhwala a m'mafamase amadziwa kuti pamafunika kukambirana, kufunsana ndi kuwerengera limodzi ndalama isanatuluke. Choncho uthenga woyamba umene wogulitsa amatumiza uli ndi ntchito imodzi basi, yopeza chilolezo choti aimbe foni. Ntchitoyo imaoneka yochepa, koma ndi pamene ogulitsa ambiri amataya makasitomala amene akanagula. Nthawi zambiri vuto silikhala mwano, chifukwa mauthenga ambiri amene amatopetsa anthu amakhala odzaza ndi "bwana" ndi "chonde". Chimene chimapangitsa uthenga kumveka wokakamiza ndi mtolo umene ukusenzetsa woulandira: kuganiza kuti wolembayu ndi ndani, kufufuza chimene akufuna, ndi kusowa njira yokanira popanda kuoneka wamwano.

Tiyerekeze ndi nkhani imodzi kuti tione bwino. Mnyamata wina amagulitsa mapanelo a sola, mabatire ndi mainveta ku kampani ina mu mzinda wa Blantyre. Pa chionetsero cha zamalonda chimene bungwe la MCCCI limachititsa ku Chichiri, mayi wina anaima pa tebulo lake. Mayiyu ali ndi mabutchala awiri, ina ku Limbe ina ku Ndirande. Anafunsa ngati sola ingayendetse mafiriji a nyama magetsi akazima, analemba nambala yake m'kaundula wa alendo, n'kupita. Chionetsero chatha, mnyamata uja ali ndi nambalayo m'manja. Akudziwa kuti mayiyo amadzuka m'mamawa kukalandira nyama, amayang'anira antchito malo awiri, ndipo foni yake imalira tsiku lonse. Alembe chiyani?

Ambiri amayamba ndi moni yekhayekha. Amalemba kuti "Mwadzuka bwanji mayi?" n'kudikira. Akayankhidwa amafunsa za kunyumba, kenako za bizinesi, ndipo nkhani yeniyeni imadzatuluka pa uthenga wachinayi kapena wachisanu. Wolembayo amaona ngati akuchita ulemu, popeza kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Pamaso ndi pamaso zimenezo n'zoona, chifukwa amene mukumulonjerayo akukuonani, akuona chikwama chanu ndi yunifomu yanu, ndipo wadziwa kale chimene mwadzera. Pa foni saona chilichonse koma nambala yachilendo yoyamba ndi 099 kapena 088. Anthu a m'dziko muno analandirapo mauthenga ambiri a akathyali onamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo anaphunzira kusayankha nambala imene sakuidziwa. Moni wopanda dzina ndi chifukwa umamuika mayi uja pa chisankho chovuta. Akapanda kuyankha, mwina wanyoza m'bale amene wasintha nambala. Akayankha, walowa m'macheza amene sakudziwa kumene akulowera. Ndipo akadzazindikira pa uthenga wachisanu kuti moni wonse uja unali njira yofikira pa malonda, amamva kuti wakoledwa. Moni uyenera kukhalapo ndithu, koma ukhale mu uthenga womwewo umene wanyamula dzina ndi nkhani.

Ena amapita mbali inayo. Amatumiza mndandanda wa mitengo, zithunzi khumi za nyumba zimene anaikapo sola, kanema, ndi uthenga wa mawu wa mphindi zitatu. Zonsezi zimadya bandulo ya mwini foni, ndipo uthenga wa mawu sungamvedwe m'butchala momwe makina odulira mafupa akulira. Palinso amene amadandaula: "Mayi ndithandizeni, mwezi ukutha sindinagulitse kanthu, abwana andichotsa." Uthenga woterewu umandimvetsa chisoni chifukwa kawirikawiri umakhala woona, ogulitsa ambiri amadya za komishoni. Komabe uku ndiye kukakamiza kolemera kuposa kwina konse, chifukwa kukana sola tsopano kwasanduka kukana kuthandiza mwana wa mnzako. Munthu amene waikidwa pamenepo sakana, amangosiya kuyankha.

Uthenga umene mnyamata uja angatumize ukhoza kukhala wotere:

"Mwaswera bwanji Mayi Uje. Ndine Uje wa kampani ya sola yakutiyakuti. Tinacheza pa tebulo lathu ku chionetsero ku Chichiri Lachisanu, munafunsa ngati sola ingayendetse mafiriji a m'butchala. Kuti ndikuyankheni zoona, ndili ndi mafunso atatu okhudza mafiriji anu ndi jenereta. Kodi ndingakuimbireni kwa mphindi 5 Lachiwiri cha m'ma 2 koloko masana, kapena nthawi ina imene ingakukomereni? Ngati panopa simukuziganiziranso, ingondiuzani, sindikuvutitsani."

Uthengawu ungawerengedwe munthu ataima pa kauntala akudikira kasitomala kuti atulutse ndalama. Dzina la mayiyo lili koyambirira, dzina la wolemba ndi kampani yake zili pompo. Izi zili ndi chifukwa chake: uthenga ukafika pa WhatsApp, foni imaonetsa mizere yoyamba yokha, ndipo munthu wotanganidwa amagamula pa mizere imeneyo ngati atsegule kapena ayi. Dzina loitanira nalonso lisankhidwe mosamala. Kwa munthu amene mwakumana naye kamodzi, "Mayi Uje" kapena "Bambo Uje" ndiye koyenera. "Asisi", "amwene", "biggie" ndi "madala" ndi za anthu ozolowerana, ndipo "mami" kwa mayi wa bizinesi amene sakukudziwani kumamveka ngati mukudzikakamiza pa ubale umene palibe. Uthenga wonse ukhale wa "inu".

Chiganizo chachitatu chikunena kumene nambala inachokera, ndipo chimenechi sichiyenera kusowa. Funso loyamba limene munthu amadzifunsa akaona nambala yachilendo ndi lakuti, ameneyu nambala yanga waitenga kuti? Wogulitsa akayankha funsoli asanafunsidwe, theka la mantha latha. Mnyamata wathuyu ali ndi mwayi chifukwa mayiyo analemba yekha nambala. Kukanakhala kuti anaiona pa chikwangwani cha butchala, akananena zomwezo: "Nambala yanu ndaiona pa chikwangwani cha shopu yanu ku Limbe." Kukanakhala kuti anapatsidwa ndi kasitomala wina, ayenera kuyamba wapempha kasitomalayo ngati angamutchule dzina, ndipo chabwino koposa n'chakuti kasitomalayo ayambe ndiye kumuuza mnzakeyo kuti kubwera uthenga. Nambala zotola m'gulu la WhatsApp la kumpingo, la ukwati kapena la maliro zisiyeni. Anthu anazipereka kumeneko pa chifukwa china, ndipo dziko la Malawi tsopano lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la 2024, limene bungwe la MACRA ndilo limayang'anira. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, munthu amene wauzidwa kuti "ndaitenga m'gulu la maliro aja" sagula kanthu kwa inu.

Pakatikati pa uthengawo ndi pamene pali nzeru yambiri. Mnyamatayo sananene kuti akufuna kufotokoza za katundu wa kampani yake. Wanena kuti ali ndi mafunso atatu, ndipo mafunsowo ndi njira yoyankhira funso limene mayiyo anafunsa yekha. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Munthu akauzidwa kuti "ndikufuna ndikufotokozereni za katundu wathu", amaona m'maganizo mwake theka la ola akumvetsera wina akulankhula, iye osadziwa podulira. Akauzidwa kuti pali mafunso atatu, amadziwa kuti wolankhula kwambiri akhala iyeyo, ndipo amadziwa pothera. Mafunsowo ayenera kukhala enieni, okonzedwa kale. Pa nkhani ya mabutchala ndi awa: mafiriji ndi angati pa shopu iliyonse ndipo ndi aakulu bwanji, jenereta imayaka maola angati pa sabata ndipo imamwa mafuta a ndalama zingati, komanso nyumbayo ndi yawo kapena ya lendi. Funso lomalizali limapha malonda ambiri a sola, chifukwa mwini nyumba akhoza kukana kuti padenga pake paikidwe mapanelo. Popanda mayankho atatuwa palibe amene angawerengere kukula kwa inveta ndi kuchuluka kwa mabatire, ndiye kuti foni ikupemphedwayo ili ndi ntchito yooneka. Wogulitsa amene sangathe kutchula chimene akufuna kumva pa foniyo sanakonzeke kuipempha.

Nthawi itchulidwe ndi nambala. "Kanthawi kochepa" ndi "pang'ono chabe" sizitanthauza kanthu, aliyense anaimbiridwapo ndi munthu amene anati pang'ono chabe n'kutha mphindi makumi atatu. Mphindi 5 zimakwanira mafunso atatu. Ngati nkhani ikufunikadi mphindi 15, nenani 15. Kutchula zochepa kuti munthu avomere, m'mtima mukudziwa kuti mupitirira, ndi bodza limene limaululika tsiku lomwelo.

Pa kasankhidwe ka tsiku, ogulitsa ambiri anaphunzitsidwa kufunsa kuti "Ndikuimbireni Lachiwiri kapena Lachinayi?" Cholinga cha kafunsidwe kameneka n'chakuti munthu asankhe pakati pa masiku awiri, aiwale kuti akanathanso kukana. Ineyo sindikukonda pa uthenga woyamba. Mayi amene wachita bizinesi zaka zambiri, amene amatsutsana mitengo ndi ogulitsa ng'ombe sabata iliyonse, amakazindikira msanga, ndipo akakazindikira amayamba kukuonani ngati munthu wa machenjera. Mbali inayo, kufunsa kuti "Mumapezeka nthawi yanji?" n'kumupatsa ntchito yoganiza za sabata yake yonse chifukwa cha inu. Njira ya pakati ndi imene ili mu uthenga uja: funso likhale lakuti "kodi ndingakuimbireni", patchulidwe nthawi imodzi yooneka kuti yaganiziridwa, kenako pasiyidwe mpata woti asinthe. Mayiyo akhoza kuyankha ndi liwu limodzi, "Chabwino", kapena awiri, "Lachitatu bola".

Nthawi imodziyo imaonetsa ngati wogulitsa amadziwa ntchito ya kasitomala wake. Butchala imatanganidwa m'mawa nyama ikamafika, cha m'ma 11 anthu akamagula ndiwo za masana, ndiponso madzulo anthu akamaweruka. Lachisanu, Loweruka ndi masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi ndiye osayerekeza. N'chifukwa chake mnyamata uja watchula Lachiwiri 2 koloko. Kwa ena nthawi zoipa ndi zina. Wowerengera ndalama pa kampani amakhala pa mpanipani masiku oyandikira pa 14, pamene msonkho wa PAYE umayenera kufika ku MRA, ndi pa 25, tsiku la VAT. Mwini shopu wachisilamu ku Limbe kapena ku Mangochi musamuikire Lachisanu masana, nthawi ya swala ya Ijumaa, ndipo wa mpingo wa Seventh Day musamuikire Loweruka. Wogulitsa mbewu ndi feteleza mvula yoyamba ikagwa alibe mphindi ngakhale imodzi. Uthenga weniweniwo utumizidwe nthawi ya ntchito. Foni ya bizinesi kwa anthu ambiri ndi yomweyo ya kunyumba, ndipo uthenga wa malonda wofika 9 koloko usiku umalowa kuchipinda kwa munthu.

Tsopano chiganizo chomaliza, chimene ogulitsa ambiri amachiopa: "Ngati panopa simukuziganiziranso, ingondiuzani, sindikuvutitsani." Amafunsa kuti, ndimuphunzitsirenji kukana? Akatswiri a kaganizidwe ka anthu anayamba kale kufufuza zimenezi. Mu 1966 Jack Brehm wa ku America analemba kuti munthu akaona kuti ufulu wake wosankha ukulandidwa, amalimbana kuti aubweze, ndipo amatha kukana ngakhale chinthu chimene amachifuna. Mu 2000 Nicolas Guéguen ndi Alexandre Pascual ku France anayesa kupempha anthu odutsa m'njira ndalama yokwerera basi, ndipo anapeza kuti amene anauzidwa kuti ali ndi ufulu wovomera kapena kukana ndi amene anapereka ambiri. Ofufuza ena amene anaunikanso nkhaniyi pambuyo pake anachenjeza kuti mphamvu ya mawuwa si yaikulu nthawi zonse, choncho asatengedwe ngati mankhwala okokera makasitomala.

Kwa ife chifukwa chachikulu chili pafupi. Anthu ambiri kuno sakonda kukana munthu pamaso. M'malo monena kuti ayi timati "ndiona", "tilankhulana", "ndikuimbirani ndine". Wogulitsa amene sanatsegule khomo lokanira amalandira mayankho amenewa, n'kumawatenga ngati lonjezo, n'kumaimba sabata ndi sabata. Mayi uja amayamba kuopa foni yake, ndipo pomaliza amadina Block. Pamenepo zonse zatha, ngakhale chaka chamawa atafuna sola sadzabwera kwa munthu amene anamubuloka, chifukwa cha manyazi. Chiganizo chija chimathandiza onse awiri. Mayiyo amapeza njira yokanira ulemu wake uli chilili, wogulitsa amadziwa msanga kuti asataye mayunitsi ndi nthawi. Koma mawuwa ndi lonjezo. Akayankha kuti "panopa ayi", yankho lake ndi "Zikomo pondiuza, mayi. Kodi ndingadzakufunseninso pakatha miyezi itatu?" Akavomera, lembani tsikulo m'buku. Akakana kapena akakhala chete, nkhani yathera pomwepo.

Pali chinthu china chimene mnyamata uja sanachiike mu uthenga wake ngakhale kuti chikanamuyesa: kuopseza ndi mitengo. "Gulani lero, mawa zikwera." Pa katundu wochokera kunja mawuwa nthawi zina amakhala oona. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja inasintha m'masiku ochepa. Koma malo a nkhani imeneyi ndi pa kotesheni, pamene pamalembedwa kuti mtengowu ugwira ntchito mpaka tsiku lakuti. Pa uthenga woyamba mayiyo sanamve n'komwe mtengo, ndiye kumufulumizitsa kumangomuuza kuti wogulitsayo ndiye ali pa changu.

Uthenga wapita, tsiku latha, palibe yankho. Pa WhatsApp nkhwani ziwiri zotuwa zimasonyeza kuti uthenga wafika pa foni, zobiriwira ngati thambo zimasonyeza kuti watsegulidwa, koma anthu ambiri amazimitsa chizindikiro chachiwirichi, ndipo amene watsegula mwina anatsegula ali ndi mpeni m'dzanja lina. Kukhala chete kwa tsiku limodzi kapena awiri sikukana. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kutumiza "???" kapena "Mayi mwaona uthenga wanga?", chifukwa mawu amenewa amamusandutsa wolakwa amene ayenera kupepesa. Kufulasha ndi kutumiza uthenga wopempha kuti akuimbireni n'koipirapo, wofuna malonda ndiye amalipira foni. Ndipo Lachiwiri 2 koloko ikakwana iye asanavomere, musaimbe. Munapempha chilolezo, sichinaperekedwe.

Pakapita masiku anayi kapena asanu a ntchito, uthenga wachiwiri ukhoza kupita, waufupi kuposa woyamba, ndipo ubweretse chinthu chatsopano chopepukitsa ntchito: "Mwadzuka bwanji Mayi Uje, ndi Uje wa sola uja. Ngati foni ikuvuta kupeza mpata, mukhoza kungondijambulira kapepala ka kumbuyo kwa firiji imodzi, kolembedwa mawatsi, ndikuwerengerani n'kukutumizirani pompano." Apa mnyamatayo watsika kuchoka pa kupempha mphindi 5 kufika pa kupempha chithunzi chimodzi, chimene mayiyo angatume wantchito kuti ajambule. Anthu ena sakonda kulankhula pa foni ndi munthu wachilendo, ndipo amayamba kumasuka akaona kuti mwawerengera zinthu zawo zenizeni. Uwunso ukapanda kuyankhidwa, patatha sabata ziwiri pakhoza kupita wachitatu wotsanzika, wonena kuti simulembanso koma nambala ndi yomweyi akadzafuna. Kupitirira pamenepo ndi kuvutitsa munthu, kaya mawu ake akhale okoma bwanji.

Kwa amene alibe WhatsApp, uthenga wamba wa SMS umanyamula zilembo 160 zokha, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukaikamo chilembo ngati ŵ kapena kachithunzi ka nkhope yoseka, malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga umagawika zidutswa zolipira padera. Pamenepo pangotsala zofunika zokha: dzina, kumene munakumana, mphindi zingati, liti, ndi mawu oti akhoza kukana.

Tinene kuti mayi uja wayankha, "Imbani Lachiwiri." Mnyamatayo ayankhe mwachidule kuti zikomo, aimba 2 koloko pa nambala yomweyi, osawonjezerapo zithunzi ndi mitengo poona kuti khomo latseguka. Lachiwiri aimbe 2 koloko yeniyeniyo. Akapereka moni afunse ngati nthawi ikadali yabwino, chifukwa galimoto ya nyama mwina yachedwa n'kufika nthawi yomweyo. Afunse mafunso ake atatu, alembe mayankho. Mwina amva kuti ku Limbe kuli mafiriji anayi m'nyumba ya lendi imene mwini wake ndi wovuta, pamene ku Ndirande kuli awiri m'nyumba ya mayiyo. Ndiye kuti nkhani iyambire ku Ndirande, ndipo wadziwa zimenezi asanawononge tsiku kupita ku Limbe ndi makwerero. Mphindi 5 zikakwana anene yekha: "Mayi, mphindi zimene ndinapempha zakwana. Ndikutumizirani chiwerengero cha ku Ndirande Lachinayi." Ngati mayiyo ali ndi mafunso ena, apitirize ndi iyeyo, ndipo mnyamatayo ayankhe mpaka mayiyo atakhutira. Lachinayi chiwerengerocho chifike, cholembedwa tsamba limodzi, chokhala ndi kukula kwa inveta, kuchuluka kwa mabatire ndi mapanelo, mtengo wake, ndi tsiku limene mtengowo udzasiye kugwira ntchito.